Wandilembera kuti "mi cielo": kodi ndiye kuti akundifuna?

"Ndili ku Valencia, m'dziko la Spain, komwe ndikuchita maphunziro a zaulimi. Mtsikana wina wa ku Colombia amene tili naye kalasi imodzi ndinamubwereka manotsi, ndiye wandilembera pa WhatsApp kuti: Gracias por los apuntes, mi cielo. Eres un sol. TQM, un beso. Uthengawu ndinautumiza kwa chibwenzi changa kumudzi mongoseka, koma iye wafufuza tanthauzo la mawu aliwonse ndipo pano sitikulankhulana bwino. Kodi mtsikanayu akundifuna? Nanga ndimuyankhe bwanji?" Mnyamata wa ku Dedza

Achimwene, mtima m'malo. Muuthengawu mulibe mawu amene mtsikana wa ku Colombia sangalembere msuweni wake, mnzake wamkazi, ngakhale azakhali ake. Ndakhala ndikuphunzitsa Chisipanishi ndi kumasulira makalata kwa zaka zambiri, ndipo mkangano ngati wanuwu ndauonapo kangapo. Umayamba munthu akatenga mawu amodziamodzi n'kuwafufuza m'buku lotanthauzira mawu. Bukulo silinama, koma silikuuzani kuti mawuwo amalemera bwanji pakamwa pa eni ake. Alamu athuwo sanalakwitse kumasulira. Chimene sakanadziwa n'chakuti mawu amene kwathu timawasungira munthu mmodzi yekha, kumeneko amawamwaza tsiku lonse.

Tiyambe ndi cielo, amene amatchulidwa kuti "syelo" ku Colombia ndi ku Latin America konse, pomwe anthu ambiri a ku Spain amayamba mawuwa ataika nsonga ya lilime pakati pa mano. Cielo ndi thambo, komanso ndi kumwamba kwa Mulungu, mawu omwewo amene ali m'pemphero la Atate Wathu. Ndiye mi cielo akamasuliridwa ndendende amatuluka kuti "kumwamba kwanga", ndipo m'Chichewa mawu amenewa ndi olemera zedi, oyenera munthu amene watsala pang'ono kupita kwa ankhoswe. Koma mwini chilankhulo akamanena cielo saganiza n'komwe za thambo. Mayi amauza mwana amene wagwa kuti "ven, mi cielo", kutanthauza kuti bwera kuno. Namwino amatero kwa agogo amene akuwayeza. Kumene muliko, mayi wogulitsa buledi angakufunseni kuti "¿qué te pongo, cielo?", ndipo akungofunsa chimene mukufuna kugula. Tcherani khutu mawa m'mawa pa msika waukulu wa mumzinda wanuwo: mumva cielo, cariño, guapo, corazón zikuuluka uku ndi uku, ndipo palibe amene akufunsira mnzake. Si zachilendo kwenikweni kwa ife. Wogulitsa kaunjika akakuitanani kuti "achimwene" kapena "asisi", simubwerera kunyumba kukafunsa amayi ngati muli naye pachibale. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timabwereka mawu a ubale pofuna kumasuka ndi mlendo, pomwe iwo amabwereka mawu a chikondi.

Pali kanthu kakang'ono kamene kamasintha kulemera kwake, kameneka ndi mi, kutanthauza "wanga". Ku Spain, cielo kapena cariño popanda mi ndi mawu a tsiku ndi tsiku, koma mtsikana wa ku Madrid akayamba kukutchulani mi cielo kapena mi vida, pamenepo ndingakuuzeni kuti mutsegule maso, chifukwa kumeneko mi amasungidwa kwambiri kwa okwatirana, zibwenzi ndi ana. Ku Latin America, makamaka maiko ozungulira nyanja ya Caribbean, mi sachititsa mantha aliyense. Ku Cuba, ku Venezuela, ku Dominican Republic ndi kugombe la Colombia, woperekera zakudya m'lesitilanti angakutchuleni mi amor, mi vida, mi rey, zonse musanamalize kusankha chakudya. Choncho funso loyamba si lakuti mawuwa akutanthauza chiyani, koma lakuti mtsikanayu kwawo n'kuti. Ngati ndi wa ku Barranquilla kapena Cartagena, mi cielo wakeyo ndi wopepuka kwambiri. A ku Medellín nawo mawu akuti amor sachoka pakamwa, mpaka achinyamata anawadula kukhala mor. A ku Bogotá amadziletsako pang'ono, koma ngakhale iwowo amakoma pakamwa kuposa anthu ambiri a ku Spain.

Eres un sol ndiye musavutike naye. Mawuwo akuti "ndiwe dzuwa", ndipo amanenedwa kwa munthu amene wakuchitira chifundo, monga mmene ife timanenera kuti "mwandithandiza, Mulungu akudalitseni". Eres un cielo ndi eres un amor amagwira ntchito yomweyo. Onani kusiyana kwake: eres un amor ndi kuyamikira khalidwe, pomwe eres mi amor ndi nkhani ina. Un beso, kutanthauza kisi imodzi, ndi njira wamba yotsekera uthenga pakati pa akazi okhaokha kapena pakati pa mwamuna ndi mkazi odziwana. Izi zikugwirizana ndi moni wawo, umene mwina munadabwa nawo mutangofika: ku Spain amagundanitsa masaya kawiri, ku Colombia kamodzi. Kisi ya pamapeto pa uthenga ndi moni womwewo, wangolembedwa.

Mawu amene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi TQM, chidule cha te quiero mucho. Apa m'pamene Chichewa ndi Chisipanishi zimasiyana kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti m'pamene alamu athu anapsera mtima. Ife tili ndi mneni mmodzi, kukonda, amene amanyamula katundu yense. Timakonda nsima ya mgaiwa, timakonda mpira, timakonda amayi, timakonda mkazi. Chifukwa cha zimenezi, mnyamata akauza mtsikana amene si mbale wake kuti "ndimakukonda", palibenso kukayika, wafunsira. Chisipanishi chinagawa katunduyu panayi. Me caes bien ndi mawu a munthu amene amasangalala kucheza nawe, ndipo mulibe chikondi cha mwamuna ndi mkazi ngakhale pang'ono. Te quiero, amene amatchulidwa "te kyero", amachokera ku mneni querer, amene amatanthauzanso kufuna. N'chifukwa chake wofufuza mawu amapeza kuti "ndikukufuna" n'kudzidzimuka, koma kwa eni ake te quiero ndi chikondi cha pa makolo, abale, anzako apamtima, komanso chibwenzi. Te amo ndi wolemera kuposa onsewa. Ku Latin America amanenedwa kwa wokondedwa weniweni, ngakhale kuti m'mabanja ena makolo ndi ana amauzananso. Ku Spain ambiri amaona te amo ngati mawu a m'mafilimu, ndipo anthu amene akhala m'banja zaka makumi atatu amangouzana te quiero. Wachinayi ndi me gustas, ndipo ameneyu ndi amene ophunzira anga amamupeputsa chifukwa amaoneka wamng'ono. Me gusta el café ndi kukonda khofi, koma kuuza munthu kuti me gustas ndi kumuuza kuti wakudolola mtima ngati mwamuna kapena mkazi. Mtsikana amene akukufunani salemba TQM. Amalemba me gustas, kapena amapeza njira yoti inuyo munene.

Chodabwitsa china n'chakuti mucho, amene amatanthauza "kwambiri", nthawi zambiri amachepetsa mphamvu m'malo moonjezera. Te quiero wouma, wonenedwa maso ndi maso anthu ali awiriwiri, ndi woopsa kuposa te quiero mucho. Akafika pofupikitsidwa kukhala zilembo zitatu, amakhala mawu amene atsikana a kusekondale amalemberana pansi pa zithunzi. Komabe sindikubisirani: pa mawu onse a muuthengawu, awa okha ndi amene akusonyeza kuti mtsikanayu amakuonani ngati mnzake wapafupi, osati munthu wongokhala naye m'kalasi. Ngati mwadziwana kwa miyezi ingapo ndipo mumathandizana maphunziro, palibe chachilendo. Ngati munangolankhulana kawiri, ndiye kuti kapena ndi munthu womasuka kwambiri mwachibadwa, kapena akuyesa madzi.

Mungadziwe bwanji? Osati powerenganso uthengawo kakhumi. Muone mmene amalankhulira ndi anthu ena. Kalasi yanu iyenera kuti ili ndi gulu la pa WhatsApp. Pitani mmenemo muone ngati amatchula anzake ena kuti mi cielo, mi amor kapena mi vida. Ngati amatero kwa aliyense, akazi ndi amuna omwe, nkhani yatha, ndi kalankhulidwe kake. Chizindikiro chenicheni ndi kusintha. Munthu amene amatchula aliyense mi amor akayamba kukonda wina, kawirikawiri amamupezera dzina lapadera limene satchula nalo wina aliyense, amayamba kulemba popanda chifukwa cha manotsi kapena mayeso, ndipo mauthenga amabwera usiku. Mawu ake amasinthanso. Mukayamba kulandira tengo ganas de verte, kutanthauza kuti ndikulakalaka kukuona, kapena te extraño, ndakusowa, amene a ku Spain amati te echo de menos, pomwe munaonana dzulo lomweli, kapena pienso mucho en ti, ndimakuganizira kwambiri, apo ndiye zafika pena. Uthenga wanuwu uli ndi chifukwa chake chooneka, manotsi, ndipo ukuyamba ndi kuthokoza.

Poyankha, musabweze mawu omwewo. Ili ndi phunziro limene amuna ambiri ophunzira Chisipanishi amaliphunzira mochedwa. Mawu okomawa sayenda mofanana mbali zonse. Mkazi angathe kutchula mwamuna, mkazi mnzake kapena mwana kuti cielo popanda wina kudabwa, ndipo munthu wamkulu angathe kutero kwa wamng'ono. Koma mwamuna akatchula mtsikana wa msinkhu wake kuti mi cielo kapena mi amor, zimamveka ngati akumunyengerera, ndipo akatero kwa mkazi wosamudziwa kapena wa kuntchito, ambiri ku Spain amaona ngati chipongwe kapena kumuderera. Amuna okhaokha ndiye satchulana cielo n'komwe. Ku Spain amati tío, ku Colombia parce, ku Mexico güey, ku Venezuela pana. Ndiye inu mukalemba kuti "de nada, mi cielo, yo también te quiero", mwakweza nkhani pamwamba pomwe iye sanaifikitse. Yankho labwino ndi ili: De nada, para eso estamos. Un abrazo. Mwamuuza kuti palibe kanthu, ndi ntchito ya anzako imeneyo, ndipo mwatseka ndi kukumbatira. Un abrazo ndi mawu ofunda koma a ubwenzi wamba, amene amuna amalemberana okhaokha. Un saludo yekha angamveke wozizira, ngati mukulembera ofesi, ndipo angadabwe kuti wakulakwirani chiyani. Ngati mukufuna kuika malire popanda kumuchititsa manyazi, tchulani chibwenzi chanu pocheza, ndipo mugwiritse ntchito mawu akuti mi novia. Musanene mi amiga, chifukwa ameneyo ndi mnzanu chabe, ndipo musayerekeze kunena mi querida. Querida pamwamba pa kalata ndi "wokondedwa" wabwinobwino, koma mukati uyu ndi querida wa uje, mwanena kuti ndi chibwenzi chamseri cha mwamuna wokwatira.

Popeza mukhala kumeneko kwa kanthawi, ndikuchenjezeni za mtundu wina wa maina achikondi umene umadabwitsa kuposa cielo. Olankhula Chisipanishi amatchulana ndi maonekedwe a thupi. Mwamuna amaitana mkazi wake kuti gorda kapena gordita, wonenepa, ngakhale mkaziyo ali wochepa thupi, ndipo mkazi amayankha kuti gordo. Alipo flaco ndi flaca, woonda, amene ku Argentina amamveka paliponse. Viejo ndi vieja, nkhalamba, ku Argentina ndi maina a bambo ndi mayi ako, pomwe ku Mexico mwamuna angatchule mkazi wake choncho. Kachidutswa ka -ito kapena -ita kumapeto kamafewetsa mawu, monga cielito, amorcito, gordita. Kamafanana ndi ka- wathu wa mu "kamwana", ndipo monga ka- yemweyo, kangathe kusonyeza chikondi kapena kunyoza malinga ndi mmene mawu atulukira.

M'gulu lomweli muli negro, negra ndi negrito, ndipo awa akukhudzani inu mwachindunji. Ku Uruguay, Argentina, Venezuela ndi Colombia, anthu amatchula okondedwa awo mi negra kapena negrito, nthawi zina ngakhale munthuyo ali woyera khungu. Okonda mpira akukumbukira zimene zinamuchitikira Edinson Cavani wa ku Uruguay mu 2020, ali ku Manchester United. Atagoletsa zigoli ziwiri pa masewero a ku Southampton, mnzake anamuyamikira pa Instagram ndipo iye anayankha kuti "gracias negrito". Bungwe la mpira la ku England linamuletsa kusewera masewero atatu ndi kumulipiritsa mapaundi 100,000, pomwe kwawo ku Uruguay akatswiri a chilankhulo anadandaula kuti chilangocho chinasonyeza kusadziwa mmene anthu a kumeneko amalankhulira. Ine ndimaona kuti Cavani sanafune kunyoza, komanso kuti mawu amene ali ndi mbiri ya ukapolo kumbuyo kwake sangayende dziko lonse ngati kuti mbiriyo kulibe. Kwa inu, mnzanu wa ku Colombia akadzakutchulani mi negro, mwachidziwikire akusonyeza kuti wakuzolowerani. Munthu wosamudziwa mumsewu wa ku Spain akakukuwirani negro, imeneyo si nthabwala ya chikondi. Ndipo ngakhale kwa mnzanuyo, simukakamizidwa kulandira dzina limene silikukusangalatsani. Nenani kuti prefiero que me llames por mi nombre, ndingakonde uzinditchula dzina langa. Munthu wabwino amasiya tsiku lomwelo.

Zilankhulo zina zili ndi zodabwitsa zake. Mfalansa amatchula mwana wake wamkazi kapena chibwenzi kuti ma puce, utitiri wanga, ndipo palibe amene amakwiya. Mjeremani amati Schatz, chuma, kapena Maus, mbewa. Ku Iran munthu wokondedwa amatchedwa chiwindi. Abale athu a ku Tete ndi Angónia amene amalankhula Chipwitikizi amadziwa meu bem ndi fofa. Ku Japan okwatirana ambiri amatha zaka osauzana mawu olemera a chikondi, ndipo pamenepa amafanana ndi makolo athu kuposa anthu a ku Spain. Ganizirani mmene agogo anu ankaitanirana. Sankatchulana dzina, sankati wapamtima pagulu. Ankati "amake Chikondi", "abambo ake a uje", kapena kutchulana ndi mfunda, Nabanda, Naphiri, Nangozo, ndipo ankalankhulana ndi "inu". Mlendo wochokera ku Madrid atamva mwamuna akulankhula ndi mkazi wake mwaulemu chotere angaganize kuti m'nyumbamo mwazizira, chifukwa kwawo usted, amene ndi "inu" wawo, ndi wa anthu osadziwana ndi akuluakulu, ndipo okondana amagwiritsa ntchito tú. Koma mnzanu wa ku Colombia angamvetse msanga, chifukwa m'madera ena a dziko lake, komanso ku Costa Rica, mwamuna ndi mkazi wake ngakhale mayi ndi mwana amalankhulana ndi usted, ndipo mwa iwo ndi chizindikiro cha kuyandikana. Choncho musadzatenge tú kapena usted wa mtsikanayu ngati umboni wa chilichonse.

Kunena zoona, ntchito yaikulu imene muli nayo si ya ku Valencia koma ya ku Dedza. Munthu amene ali kutali, amene akudikira, akaona "kumwamba kwanga", "ndikukufuna kwambiri" ndi "kisi" pa foni ya mwamuna wake, sangaseke, ndipo kumuuza kuti "sukudziwa Chisipanishi" kungowonjezera moto. Muimbireni foni, musalembe. Muvomereze kuti mawuwo m'Chichewa akumveka moipa, chifukwa akumvekadi moipa. Kenako mumupatse uthengawo mmene Mmalawi akanaulembera: "Zikomo kwambiri achimwene chifukwa cha manotsi aja, mwandithandiza zedi, ndinu munthu wabwino. Tionana." Kumasulira koona n'kumeneko. Ngati m'gulu la kalasi muli mauthenga amene mtsikanayu akutchula anthu ena maina omwewa, muwerengereni, ndipo mumuonetse yankho lanu la un abrazo lija. Umboni wotere umagwira ntchito kuposa malumbiro.

Zikapitirira, mauthenga n'kuyamba kusintha monga ndafotokozera, musadalire ine kapena buku. Funsani munthu wa ku Colombia komweko, makamaka mkazi wa msinkhu wake, chifukwa ngakhale mphunzitsi wanu wa ku Valencia angathe kuwerenga molakwa kalankhulidwe ka ku Barranquilla. Mungathenso kumufunsa mwini wakeyo mwanthabwala kuti ¿en tu tierra le dicen mi cielo a todo el mundo?, kodi kwanu aliyense mumamutchula mi cielo? Akaseka n'kuyamba kukuuzani za azakhali ake amene amatchula ngakhale wapolisi kuti mi amor, mwapeza yankho. Akachita manyazi n'kusintha nkhani, mwapezanso yankho, ndipo muyenera kumuuza bwinobwino kuti muli ndi munthu kumudzi.

Pali malo awiri pomwe mawu okomawa amafuna thandizo loposa la mphunzitsi wa chilankhulo, ndipo ndikuwatchula chifukwa alongo athu amene ali kunja amawerenganso tsamba lino. Ngati amene akukutchulani mi amor kapena guapa ndi bwana, mphunzitsi kapena mwini nyumba, ndipo mwamuuza kuti asiye koma akupitiriza, asakunamizeni kuti ndi chikhalidwe. Sungani mauthengawo ndipo mukadandaule. Mayunivesite a ku Spain ali ndi ofesi yoona za kufanana kwa amuna ndi akazi, imene imatchedwa Unidad de Igualdad, ndipo madandaulo otere amalandiridwa kumeneko. Malo achiwiri ndi pa intaneti. Munthu amene simunaonanepo naye maso ndi maso, amene pakutha pa sabata imodzi wafika kale pa mi vida ndi te amo, kenako n'kutchula za ndalama ya tikiti ya ndege, ya chipatala kapena ya katundu amene wagwidwa pa kasitomu, ameneyo ndi wakuba. Musatumize kalikonse, ndipo muonetse mauthengawo kwa munthu wina amene mumamukhulupirira musanayankhenso.